Kiyi Mmodzi wa Anthu Awiri: Mmene Enikiripishoni ya Simetiriki Imagwirira Ntchito

Tsiku lina mnzanga wina ananditumizira fayilo pa imelo. Anali ataitseka bwinobwino ndi njira yamphamvu yobisira uthenga yotchedwa AES-256, imene palibe kompyuta yodziwika imene ingaithyole mwa kungoyesa makiyi. Koma m'munsi mwa imelo yomweyo analembamo kuti, "Pasiwedi yake ndi iyi." Ndinaseka ndekha. Anatseka chitseko ndi loko wabwino, kiyi n'kumusiya akulendewera pomwepo. Nditamuimbira foni kuti amvetse, anandifunsa funso limene linandithetsa phwete: "Nanga ndikanakupatsa bwanji?"

Funso lakelo silinali lachibwana. Ndi funso lomwelo limene lasautsa asilikali, akazembe ndi mabanki kwa zaka mazana ambiri, ndipo kuti munthu alimvetse ayenera kuona kaye chimene kiyi amachita mkati mwa uthenga.

Enikiripishoni ndi kusandutsa uthenga womveka kuti ukhale zosamveka, mwanjira yoti wina wake yekha ndiye angathe kuubwezeretsa. Ikatchedwa ya simetiriki ndiye kuti mbali zonse ziwiri n'zofanana: kiyi amene wabisa uthenga ndi yemweyo amene adzaubwezeretse. Palibe kiyi wina wotsekera ndi wina wotsegulira. Ndipo kiyi amene tikunena pano si chitsulo ayi, ndi nambala chabe, nambala yaitali kwambiri imene inasankhidwa mwachisawawa.

Mawu a zilembo zinayi

Tiyerekeze kuti wotumiza akufuna kuuza mnzake tsiku lokumana, ndipo uthenga wonse ndi liwu limodzi lokha: MAWA. Kompyuta siidziwa zilembo, imadziwa manambala. Pa ndondomeko ya ASCII, chilembo M ndi nambala 77, ndipo nambalayi imasungidwa ngati mabiti 8, kutanthauza timalo 8 timene kalikonse kamakhala 0 kapena 1. Mabiti 8 amenewa ndiwo baiti imodzi.

Chida chachikulu chobisira ndi kasamu kakang'ono kotchedwa XOR. Lamulo lake ndi losavuta: mukayerekeza mabiti awiri, ngati ali ofanana yankho ndi 0, ngati ali osiyana yankho ndi 1. Basi. Titenge chilembo M, tichiphatikize ndi baiti yoyamba ya kiyi wathu:

```
M       01001101
kiyi    10110110
XOR     11111011
```

Chimene chatuluka sichilinso M. Tsopano onani chimene chimachitika tikatenga zotulukazo n'kuziphatikizanso ndi kiyi yemweyo:

```
zobisa  11111011
kiyi    10110110
XOR     01001101
```

M wathu wabwerera. Paliponse pamene kiyi ali ndi 1, biti ya uthenga imatembenuka. Pamene ali ndi 0, imasiyidwa momwe ilili. Ukatembenuza chinthu kawiri chimabwerera pakale. Mawu akuti simetiriki aja akuonekera pomwepa: ntchito yobisa ndi ntchito yobwezeretsa ndi imodzi, ndipo imafuna nambala imodzi yomweyo.

Kulemba ma 0 ndi ma 1 ambirimbiri n'kotopetsa, choncho anthu a makompyuta amalemba baiti iliyonse ndi zizindikiro ziwiri za kawerengedwe kotchedwa hekisi, mmene 01001101 amalembedwa 4D. Liwu lathu lonse likuoneka chonchi:

```
MAWA    4D 41 57 41
kiyi    B6 1C 93 E7
zobisa  FB 5D C4 A6
```

Onani kuti A akupezeka kawiri mu MAWA, koma koyamba wasanduka 5D ndipo kachiwiri wasanduka A6. Njira zakale zija zongosinthanitsa zilembo, monga ya Julius Caesar yosuntha chilembo chilichonse malo atatu, zinkagwa pomwepa. Chilembo chopezeka kawirikawiri m'chinenero chinkaonekabe kawirikawiri ngakhale chitavala nkhope ina, ndipo munthu wodekha ankangowerenga n'kutulukira zonse.

Tsopano pali wachitatu amene akumvetsera panjira, ndipo wagwira FB 5D C4 A6. Ali ndi kompyuta yothamanga kwambiri, ndiye akuyesa makiyi onse a mabaiti anayi mmodzimmodzi. Nthawi ina afika pa kiyi B7 18 96 E9, ndipo chimene achipeze ndi ichi:

```
zobisa     FB 5D C4 A6
kiyi wina  B7 18 96 E9
zotuluka   4C 45 52 4F
```

Manambala 4C 45 52 4F ndi zilembo L, E, R, O. Wapeza LERO. Akapitiriza apezanso MAWA, apezanso AYI ndi kampata kumapeto, apezanso liwu lililonse la zilembo zinayi limene lilipo padziko. Palibe chilichonse mu FB 5D C4 A6 chimene chingamuuze kuti loona ndi liti. Tanthauzo la uthengawo silili m'zobisazo zokha. Linagawika pawiri, theka lili mu zimene zikuyenda panjira, theka lili mwa kiyi.

Ndiye chifukwa chake wolandira ayenera kukhala ndi kiyi kale. Wolandira alibe chizindikiro pamphumi chimene masamu angachione. Mabaiti amene amufikira ndi omwewo amene womvetsera uja wagwira. Njira yobwezeretsera uthenga ndi yodziwika kwa onse awiri. Chinthu chimodzi chokha chimene chimasiyanitsa wolandira ndi wakuba ndi chakuti mmodzi amadziwa B6 1C 93 E7 ndipo winayo sakudziwa. Mukachotsa kusiyana kumeneku, anthu awiriwa ndi amodzi: onse awerenga, apo ayi onse alephera.

Njira imene taonayi, ya kiyi wachisawawa wotalika mofanana ndi uthenga ndiponso wogwiritsidwa ntchito kamodzi kokha, ndi yakale. Gilbert Vernam analandira chiphaso cha umwini cha makina ophatikiza uthenga ndi kiyi mwanjira ya XOR mu 1919, ndipo mu 1949 Claude Shannon anasindikiza umboni wa masamu wakuti njira ya kiyi wa kamodziyu singathyoledwe ngakhale wina atakhala ndi mphamvu zowerengera zopanda malire. Pamene mzere wolumikizana mwachindunji pakati pa Washington ndi Moscow unakhazikitsidwa mu 1963, ndi njira yotereyi imene inagwiritsidwa ntchito, ndipo matepi a kiyi ankachita kunyamulidwa ndi anthu kupita mbali inayo. Mayiko akuluakulu awiri, ndi akatswiri awo onse, sanathe kulumpha sitepe yonyamula kiyi pamanja.

Kiyi wamfupi wa uthenga wautali

Vuto la njira imeneyi ndi lodziwikiratu. Kuti mubise fayilo ya gigabaiti imodzi mufunika kiyi wa gigabaiti imodzi, ndipo mukamaliza mumutaye. Ngati muli ndi njira yotetezeka yopatsirana kiyi wamkulu chonchi, nthawi zambiri mukhoza kungopatsirana fayilo yomweyo.

Enikiripishoni ya masiku ano inavomera kutaya pang'ono kuti ipeze zambiri. M'malo mwa kiyi wotalika ngati uthenga, imagwiritsa ntchito kiyi wamfupi, wa mabaiti 16 kapena 32, ndi makina a masamu amene amasakaniza kwambiri moti popanda kiyiyo zotuluka zake sizisiyana ndi zachisawawa. Makina ofala kwambiri ndi AES. Anapangidwa ndi akatswiri awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, pansi pa dzina lakuti Rijndael, ndipo bungwe la NIST la ku United States linawavomereza kukhala muyezo mu 2001 pambuyo pa mpikisano wapoyera.

AES amagwira mabaiti 16 nthawi imodzi, ndipo amawayala m'kabokosi ka mizere inayi ndi mizati inayi. Kenaka amachita masitepe anayi mobwerezabwereza. Sitepe yotchedwa SubBytes imasinthanitsa baiti iliyonse ndi ina potsatira tebulo lokhazikika. ShiftRows imasuntha mizere: woyamba ukhala pomwepo, wachiwiri usuntha malo amodzi, wachitatu awiri, wachinayi atatu. MixColumns imasakaniza mabaiti anayi a mzati uliwonse kuti iliyonse ikhudze zinzake. Pomaliza AddRoundKey imachita XOR yathu ija ndi mabaiti 16 ochokera kwa kiyi. Kuzungulira kumeneku kumachitika maulendo 10 ngati kiyi ndi wa mabiti 128, maulendo 12 kwa wa 192, ndi maulendo 14 kwa wa 256, ndipo ulendo womaliza umadumpha MixColumns.

Chofunika kuchiona apa n'chakuti masitepe atatu oyambawo alibe chinsinsi chilichonse. Tebulo la SubBytes linasindikizidwa, aliyense angaliwerenge, ndipo aliyense angathe kubweza masitepe atatuwo m'mbuyo. Malo okhawo amene chinsinsi chimalowera ndi AddRoundKey. Masitepe enawo ntchito yawo ndi kumwaza mphamvu ya kiyi kuti ifike paliponse. Mukasintha biti imodzi yokha ya kiyi, pafupifupi theka la mabiti 128 otuluka amasintha. Choncho kulibe kiyi "woyandikira". Munthu amene wapeza mabiti 127 molondola n'kuphonya imodzi amaona zinyalala zofanana ndi za amene waphonya onse, ndipo palibe chomuuza kuti watsala pang'ono.

Ena amadabwa kuti n'chifukwa chiyani njira yobisira zinsinsi imasindikizidwa poyera. Maganizo amenewa anawalemba Auguste Kerckhoffs mu 1883: njira yobisira iyenera kukhalabe yotetezeka ngakhale mdani ataidziwa yonse, bola asadziwe kiyi. Chifukwa chake n'cha nzeru zapansi pano. Makina amagwidwa, mapulogalamu amafufuzidwa, ogwira ntchito amachoka ndi zimene akudziwa. Kusintha njira yonse kumatenga zaka, pomwe kusintha kiyi kumatenga mphindi. Ine pulogalamu iliyonse imene imadzitama kuti ili ndi "njira yathu yachinsinsi yobisira" ndimaiyang'ana ndi diso lokayika, chifukwa njira imene akatswiri sanaloledwe kuiyesa ndi njira imene palibe akudziwa mphamvu yake.

Popeza kiyi ndi wamfupi kuposa uthenga, chitetezo chotheratu cha Shannon chija chatha. Womvetsera akayesa makiyi onse pa kalata yaitali, mmodzi yekha ndiye adzatulutse mawu omveka, ndipo adzamudziwa akamupeza. Chomutchinga ndi kuchuluka kwa makiyiwo. Njira yakale yotchedwa DES, imene inakhala muyezo mu 1977, inali ndi kiyi wa mabiti 56, ndipo mu 1998 bungwe la Electronic Frontier Foundation linamanga makina amene anapeza kiyi wa DES m'maola 56. Biti iliyonse yoonjezera imachulukitsa ntchito kawiri, ndiye kuchoka pa 56 kufika pa 128 si kuonjezera pang'ono. Makiyi a mabiti 128 alipo 2^128, nambala ya madijiti 39. Mutakhala ndi makompyuta biliyoni imodzi, iliyonse ikuyesa makiyi thiriliyoni imodzi pa sekondi, mungafunike zaka zoposa mabiliyoni 10 kuti muwamalize onse. Palibe wakuba wanzeru amene amayesa zimenezo. Amapita kukafuna kiyi kumene akusungidwa, kapena kumene akudutsa.

Nanga fayilo yoposa mabaiti 16 imabisidwa bwanji? Njira yoyamba kubwera m'mutu, yodula fayilo m'zidutswa n'kubisa chilichonse pachokha, imatchedwa ECB, ndipo ndi yoipa: zidutswa ziwiri zofanana zimatuluka zofanana, moti chithunzi chokhala ndi madera akuluakulu a mtundu umodzi chimaonekabe maonekedwe ake chitabisidwa. Njira yabwino, yotchedwa CTR, imatibwezera ku chitsanzo chathu cha MAWA. AES sapatsidwa uthengawo, amapatsidwa manambala owerengera, 1, 2, 3 ndi kupitirira, ophatikizidwa ndi nambala ina yatsopano ya uthenga umenewu wokha, yotchedwa nonsi. Zimene akutulutsa zimalumikizidwa kukhala mtsinje wautali wa mabaiti ooneka achisawawa, ndipo mtsinjewo ndi umene umachita XOR ndi uthenga. Wolandira, pokhala ndi kiyi yemweyo ndi nonsi yomweyo, amapanga mtsinje womwewo kwake n'kubwezeretsa uthenga. Nonsi si chinsinsi, imatumizidwa poyera pamodzi ndi zobisazo. Lamulo lake ndi limodzi: isabwerezedwe pa kiyi mmodzi.

Pamene zinthu zimalakwika

Tibwererenso kwa anthu athu awiri. Wotumiza watumiza MAWA, ndipo patapita masiku atumiza LERO, koma mwaulesi wagwiritsa ntchito mabaiti omwe aja a kiyi. Womvetsera tsopano ali ndi mauthenga awiri obisika, ndipo akuwachita XOR okhaokha:

```
zobisa 1   FB 5D C4 A6
zobisa 2   FA 59 C1 A8
XOR        01 04 05 0E
```

Kiyi wasowamo. Popeza analowa kawiri, wadzifafaniza yekha, ndipo 01 04 05 0E ndi kusiyana kwenikweni kwa MAWA ndi LERO. Ngati womvetsera aona kuti tsiku loyamba lija anthuwa anakumana m'mawa mwake, n'kuganiza kuti uthenga woyamba unali MAWA, wachiwiriwo auwerenga nthawi yomweyo, ndi wina aliyense wobisidwa ndi mabaiti omwewo. Izi si nthano za m'kalasi. M'zaka za m'ma 1940 masamba ena a makiyi a kamodzi a Soviet Union anasindikizidwa kawiri, ndipo akatswiri a ku United States, pa ntchito yotchedwa Venona, anawerenga mbali za mauthenga amene akanakhala osatheka kuwerengedwa. WEP, chitetezo choyamba cha Wi-Fi, chinali ndi nambala yosinthasintha ya mabiti 24 okha, imene inkabwerezeka msanga pa netiweki yotanganidwa, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zimene chinagwera.

Pali vuto lina limene ambiri saliganizira. Womvetsera angathe kusintha uthenga osauwerenga. Ngati akuganiza kuti wotumiza walemba MAWA ndipo iye akufuna wolandira aone LERO, angotenga FB 5D C4 A6, achite XOR ndi 01 04 05 0E, atumize FA 59 C1 A8. Wolandira atsegula ndi kiyi wake weniweni, apeza LERO, ndipo akhulupirira chifukwa "zatseguka bwinobwino". Kubisa pakokha sikuteteza uthenga kuti usasinthidwe. N'chifukwa chake masiku ano anthu amagwiritsa ntchito njira monga AES-GCM kapena ChaCha20-Poly1305, zimene zimaika chidindo cha mabaiti 16 kumapeto kwa uthenga. Chidindocho chimawerengedwa kuchokera kwa kiyi ndi uthenga wonse wobisika. Wolandira amachiwerenganso kwake, ndipo chikasiyana ngakhale pang'ono amakana uthenga wonse osaonetsa ngakhale chilembo chimodzi.

Amene ali ndi kompyuta yokhala ndi pulogalamu yotchedwa OpenSSL angaone yekha mmene kiyi wolakwika amaonekera. Lamulo loyamba likubisa fayilo ndipo lifunsa pasiwedi, lachiwiri likubwezeretsa:

```
openssl enc -aes-256-cbc -pbkdf2 -in kalata.txt -out kalata.enc
openssl enc -d -aes-256-cbc -pbkdf2 -in kalata.enc -out kalata2.txt
```

Mukalemba pasiwedi yolakwika pa lamulo lachiwiri, nthawi zambiri muona mawu akuti `bad decrypt`. Musaganize kuti pulogalamuyo yazindikira kiyi. Njira ya CBC, imene tasankha m'malamulo awiriwa, imadzaza chidutswa chomaliza ndi mabaiti a dongosolo lodziwika, ndipo pulogalamu imangoona kuti mabaiti omalizawo sakugwirizana ndi dongosololo. Pafupifupi kamodzi pa maulendo 256 zinyalala zimagwirizana nalo mwangozi, ndipo palibe dandaulo limene limatuluka. Mukasintha `cbc` kukhala `ctr` m'malamulo onse awiri, pasiwedi yolakwika siidandaulitsa n'komwe. Mumangolandira fayilo ya kukula koyenera yodzaza ndi zopanda pake. Chidindo chija ndicho chokha chimene chimauza wolandira motsimikiza kuti kiyi kapena uthenga walakwika, ndipo ngakhale icho sichinena kuti cholakwika ndi chiti pa ziwirizi.

Mawu akuti `-pbkdf2` nawo ali ndi nkhani yake. Pasiwedi si kiyi. AES-256 amafuna mabaiti 32, ndipo PBKDF2 ndi njira yosandutsira pasiwedi kukhala mabaiti amenewo mwa kubwereza masamu kambirimbiri kuti woyesa mapasiwedi achedwe. Koma ngati pasiwedi ndi dzina la mwana ndi chaka chobadwa, wakuba sayesa makiyi 2^256. Amayesa maina ndi zaka, ndipo amenewo ndi ochepa.

Kiyi afika bwanji?

Tafika pa funso la mnzanga lija. Kiyi sangatumizidwe poyera panjira imene mukuikayikira, chifukwa amene akumvetsera atenga zonse ziwiri. Mungati mumubise kaye musanamutumize, koma mumubisa ndi chiyani? Ndi kiyi wachiwiri, amene mnzanuyo ayeneranso kukhala naye kale. Mukabisa wachiwiri ndi wachitatu, mwangokankhira vutolo kutsogolo. Enikiripishoni ya simetiriki payokha singayambitse chinsinsi pakati pa anthu amene analibe chinsinsi chilichonse. Chimene imachita ndi kufutukula chinsinsi chaching'ono chimene chilipo kale. Mabaiti 32 opatsirana kamodzi, pamalo otetezeka, amateteza mauthenga ambirimbiri otumizidwa pambuyo pake pamalo osatetezeka.

Yankho lakale ndi losavuta: kiyi adutse njira ina. Ambiri a ife timanyamula chitsanzo chake m'thumba. Mu simu khadi muli kiyi wachinsinsi, kawirikawiri wa mabiti 128, amene anaikidwamo popanga khadiyo, ndipo kampani ya mafoni ili ndi kiyi yemweyo m'makina ake. Kiyiyu satumizidwa m'mlengalenga. Netiweki imatumiza nambala yachisawawa, khadi imawerengera yankho pogwiritsa ntchito kiyi wake, ndipo netiweki imayerekeza ndi yankho limene ikuyembekezera. Kupatsana kiyi kunachitika tsiku limene munalandira khadiyo m'manja. Wi-Fi ya m'nyumba ya WPA2 imachitanso chimodzimodzi. Mukauza mlendo pasiwedi pakamwa, mwamupatsa chinsinsi kudzera njira ina. Foni yake imaphatikiza pasiwediyo ndi dzina la netiweki, kubwereza masamu maulendo 4,096, n'kupeza kiyi wa mabiti 256 wofanana ndi amene rauta ili naye. Kenaka zida ziwirizi zimasinthana mauthenga anayi otsimikizirana kuti zonse zili ndi kiyi mmodzi, popanda kumutchula.

Njira imeneyi imalemera anthu akachuluka. Ngati aliyense akufuna kulankhula ndi mnzake aliyense mwachinsinsi, anthu awiri alionse afunika kiyi wawo, ndipo kwa anthu n chiwerengero chake ndi n(n−1)/2. Anthu 10 afunika makiyi 45. Anthu 100 afunika 4,950. Anthu 1,000 afunika 499,500, ndipo aliyense wa makiyiwo ayenera kuperekedwa mobisa, kusungidwa, ndi kusinthidwa akatayika. Mungafupikitse popatsa gulu lonse kiyi mmodzi, koma pamenepo aliyense awerenga za aliyense, ndipo mmodzi akachoka m'gulu muyenera kusintha kiyi wa onse. Njira ina ndi kuika mkhalapakati wodalirika, monga imachitira Kerberos imene inapangidwa ku MIT m'zaka za m'ma 1980: aliyense ali ndi kiyi mmodzi wogawana ndi seva yapakati, ndipo sevayo imapangira anthu awiri kiyi wakanthawi akafuna kulankhulana. Makiyi achepa, koma amene walanda seva imeneyo walanda zonse.

Kugawana kiyi kuli ndi malire ena amene sachoka ngakhale kiyiyo atafika bwino. Chidindo cha AES-GCM chimatsimikizira wolandira kuti uthenga wachokera kwa munthu amene ali ndi kiyi. Koma anthu otere alipo awiri, ndipo mmodzi ndi wolandira yemweyo. Akakangana, wolandira sangaonetse wachitatu kuti mnzake ndiye analemba uthengawo, popeza iyenso akanatha kuulemba ndi kuudinda. Pa ntchito yofuna siginecha yosakanika pamafunika masamu ena.

Masamu a mtundu watsopano, othandiza pa vuto lofikitsa kiyi lija, anaonekera poyera mu 1976, pamene Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anasindikiza njira yoti anthu awiri osadziwana apangire kiyi mmodzi akulankhula poyera. Aliyense amasankha nambala yake yachinsinsi, amawerengera nambala ina kuchokera pa iyo n'kuitumiza, ndipo aliyense akaphatikiza yachinsinsi yake ndi imene walandira, onse amafika pa yankho limodzi limene womvetsera sangathe kuliwerengera m'nthawi yoyenera. Izi ndi zimene zimachitika m'kanthawi kochepa mukatsegula tsamba la `https`. Ena amaganiza kuti njira imeneyi inalowa m'malo mwa simetiriki, koma sizili choncho. Masamu ake ndi olemera, ndipo ntchito yake imathera pa kupanga kiyi. Kiyiyo akangopezeka mbali zonse ziwiri, chilichonse chotsatira, kaya ndi chithunzi, kanema kapena nambala ya akaunti, chimabisidwa ndi AES kapena ChaCha20. Lamulo lakuti onse awiri akhale ndi kiyi mmodzi baiti yoyamba isanabisidwe likadalipo. Chasintha ndi mmene kiyiyo wafikira.

Ndipo ngakhale pamenepo chinthu china chiyenera kukhalapo kale. Njira ya Diffie ndi Hellman payokha siikuuzani amene mwapangana naye kiyi. Munthu woima pakati angapange kiyi mmodzi ndi inu, wina ndi seva, n'kumawerenga zonse pozidutsitsa. Chomuletsa ndi satifiketi ya seva, chikalata chosonyeza mwini wake weniweni wa sevayo, imene burawuza yanu imaitsimikizira pogwiritsa ntchito mndandanda wa masatifiketi odalirika umene unabwera kale pamodzi ndi burawuzayo kapena ndi foniyo. Mndandandawo si wachinsinsi, koma uyenera kukhala woona, ndipo unafika kwa inu kudzera njira ina, kukambiranako kusanayambe.

Mnzanga uja ndinamuuza kuti aibisenso fayiloyo ndi pasiwedi yatsopano, yaitali, chifukwa yoyambayo inali itagona kale m'maseva a imelo onse amene inadutsamo, ndipo kufufuta imeloyo kwake sikukanaichotsa kumeneko. Fayilo yatsopano anaitumiza pa imelo. Pasiwedi anandiwerengera pa foni, chilembo ndi chilembo, ndipo tinabwereza kawiri chifukwa ndinasokoneza ziro ndi chilembo O.